Miyezi Yofiira ya Okala Yathu

Ng'ombe ziwiri zija zinali zanga, osati za bambo a ana anga. Izi ndimazinena poyamba chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amazisokoneza. Anandisiyira ndi bambo anga ondibereka, ina yofiira ina yakuda, zozolowera goli limodzi chiyambire zili zing'onozing'ono. Ngolo yake inali yakale, matayala osiyana, koma inkatuta chimanga cha mudzi wonse. Ndiye tsiku limene amuna anga anati tizilembetse ngati chikole cha ngongole, sindinavomere msanga.

Tinali ndi okala m'mbali mwa msewu wopita ku Wimbe, kachipinda ka lendi kamene anthu atatu akalowa wachinayi ankaima panja. Tinkagulitsa sopo, mchere, shuga wopima, mafuta ophikira a m'timachubu, palafini ndi machesi. Kuseri kwa mudzi amuna anga ankalimanso fodya wa bale, monga aliyense kwathu. Zinali zaka zija za makuponi a feteleza, pamene munthu akakupatsa moni ankafunsanso ngati dzina lako latuluka.

Maganizo a amuna anga sanali opusa. Anati titenge ngongole mu Okutobala, tidzaze mashelefu mvula isanawononge msewu, miyezi ya njala tizikongoza anthu, fodya akagulidwa atibweze ndi kapamwamba pang'ono. Eni maokala onse kwathu amatero. Munthu amene ali ndi chigafa cha fodya sumukaniza sopo, chifukwa ndalama zake ukuziona zili lende pamikangala.

Bungwe lokongoza ndalama limene tinapitako linkapereka ngongole kudzera m'magulu. Gulu lathu linali la anthu a timabizinesi ting'onoting'ono, ndipo wapampando anali mayi wina wa tiyirumu, amene timaimba naye limodzi kumvano kutchalitchi. Lamulo linali lakuti wina akalephera kubweza, anzake amusonkhere, ndipo akalepheranso, gulu litenge chikole. Ife tinapempha K60,000, kubweza K8,000 mwezi uliwonse kuyambira Novembala mpaka Julayi.

Ndalama zisanatuluke kunabwera mlangizi wa bungwelo, mtsikana wowonda wa panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ine ndinkayembekeza kuti awerenga katundu ndi kukaona ng'ombe, basi. Iye anakhala pabenchi pakhonde pa okala, n'kutulutsa pepala lalikulu ndi zolembera ziwiri, chakuda ndi chofiira. Anajambula mizere yotsika, danga lililonse mwezi wake. Kenako anajambula mizere inayi yopingasa. Anati wapamwamba ndi wa ndalama zimene tayamba nazo mweziwo, wachiwiri zolowa, wachitatu zotuluka, wapansi zotsala. Zotsala za mwezi uno ndi zomwe zimakwera pamwamba kukhala zoyambira za mwezi wamawa.

Amuna anga anayamba kumuuza za phindu, kuti pa bandulo ya sopo amapeza zakuti, pa thumba la shuga zakuti. Mtsikanayo anamvetsera mwaulemu, kenako anati pepala limeneli silifunsa za phindu. Likufunsa za ndalama zimene munthu angazigwire ndi dzanja mwezi umenewo. Sopo wa pashelefu salowamo. Sopo amene watengedwa pangongole salowamonso, mpaka mwezi umene mwiniwake adzabwere ndi ndalama. Amuna anga anaseka n'kunena kuti sukulu imeneyi ndi yatsopano.

Tinayenda nalo mwezi ndi mwezi. Okutobala anaoneka bwino, popeza ngongole yomweyo inalembedwa pa zolowa, ngakhale kuti yambiri inatulukira pomwepo pa kuoda katundu. Pa Novembala anafunsa ngati anthu amagula monga mwa masiku onse. Ndinamuuza kuti ayi, mwezi umenewo kandalama kalikonse kamasungidwira kukaombola feteleza wa makuponi, ndipo munthu amalolera kusamba opanda sopo. Anatsitsa nambala ya zolowa. Anafunsa za lendi, za fizi ya mwana wathu wa ku sekondale, ngakhale za ndalama zimene timatapa m'chitini cha okala kukagula ndiwo. Anafunsanso za ngolo. Ndinati imagwira ntchito kwambiri mu Meyi ndi Juni, koma anthu amalipira ndi chimanga kapena ndi lonjezo. Sanalembe kanthu pamenepo.

Cholembera chofiira anachitenga koyamba pa Febuluwale. Ndimakumbukabe manambala ake chifukwa ndinakhala nawo miyezi yambiri. Tinayamba mweziwo ndi K9,000, zolowa K14,000, zonse pamodzi K23,000. Zotuluka zinali K26,000: kuoda, lendi, fizi, ndi K8,000 ya ngongole ija. Analemba K3,000 mofiira n'kuizinga. Anati imeneyi si ndalama yotsala, ndi dzenje, ndipo Malichi ayambira m'dzenje momwemo. Palibe amene anadabwa. Febuluwale amadziwika ndi mwana yemwe.

Titafika pa Epulo amuna anga anawongola msana. Anati apa lembani zambiri, msika wa fodya umatsegulidwa, onse amene tinawakongoza amabweza, komanso fodya wathu amakhala wapita. Mtsikanayo analemba nambala yaikulu ija ndi pensulo, ndipo mizere yonse ya kutsogolo inakhala yokongola. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, chaka chathachi ndalama za fodya munazigwira mwezi uti? Sindikufunsa za kutsegulidwa kwa msika."

Ndinaganiza. Ndinakumbukira kuti tsiku limene amuna anga anabwera nazo kuchokera kubanki ku Kasungu anagula bulangete, ndipo tinalifunda tsiku lomwelo chifukwa kunali chisanu chenicheni. Ndinati unali Julayi. Amuna anga anati chaka chimenecho chinali chapadera, mathiransipota anachedwa. Ndinawafunsa za chaka chinacho, pamene mabelo a kalabu yawo ya alimi anakhala padepoti mpaka masaka anasuluka. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala dala. Mwina ndinawapondadi.

Zoona zake n'zakuti msika umatsegulidwa mu Epulo, koma mlimi wamng'ono mu Epulo amakhala akusankhabe fodya. Amadikira jeke yobwereka kuti adinde mabelo, amadikira kuti mabelo a kalabu akwane, amadikira galimoto, galimotoyo imakaima pamzere ku okushoni, ndipo fodya akagulidwa ndalama zimayenda ulendo wawonso zisanafike kubanki. Tonse tinkazidziwa zimenezi, chaka ndi chaka. Koma ukatifunsa tinkayankhabe kuti ndalama zimabwera mu Epulo, chifukwa ndi mwezi umene wailesi imalengeza.

Mtsikanayo anafufuta nambala ija pa Epulo n'kukailemba pa Julayi. Sanasinthe china chilichonse. Anangowerengetseranso mzere wapansi, ndipo ndinaona cholembera chofiira chikuyenda: Epulo, Meyi, Juni, dzenje likuzama mwezi ndi mwezi mpaka kupitirira K20,000. Miyezi imene ife tinkaiyesa ya chuma, pamene zigafa zadzadza ndipo amuna amayenda mokankha chifuwa, ndi imene inali yofiira kuposa Febuluwale. Ndipo pa mwezi uliwonse wofiirawo panali K8,000 yoyenera kuperekedwa, tsiku lake osaphonya.

Mtsikanayo anati ngongole sangaivomereze pepala lili chonchi, koma si kuti palibe chochita, popeza dzenje taliona likadali kutali. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka tikusuntha manambala. Tinagwirizana kuti tikongoze theka lokha la zimene tinkafuna, kuti katundu wambiri agulidwe ndi ndalama pamanja. Tinagwirizana kuti K15,000 ya ngongoleyo isaodere kanthu, ikhale padera kudikira miyezi yofiira, ndi kuti mtedza wanga ugulitsidwe mu Meyi. Ndipo feteleza wa fodya asachokere m'chitini cha okala. Ndi zimenezo mzere wapansi unada wonse, koma movutikira, Juni atatsala ndi ya mchere yokha. Anatisiyira mapepala onse awiri, lofiira ndi lokonzedwalo, ndipo ndinawakhoma kukhoma kuseri kwa kauntala. Amuna anga anasaina, ine ndinasaina za ng'ombe.

Mayina a makuponi atatuluka, lathu munalibe. Anatiika pogawana ndi mabanja ena awiri, ndipo zimene tinalandira zinangokwanira chimanga cha kuseri kwa nyumba. Mbande za fodya zinali zitakula kunazale, mvula yoyamba itagwa. Fodya wopanda feteleza ndi udzu chabe, zimenezo sindingatsutse. M'mawa wina amuna anga anapita ku Kasungu panjinga, n'kubwera ndi thumba la feteleza wogula pamtengo wa m'sitolo. Sindinafunse kumene ndalama zachokera. Ndinangopita kukatsegula sutikesi imene tinasungamo K15,000 ija.

Ndinalankhula tsiku limenelo, abale. Nkhuku zinathawa pabwalo. Iwo anangoti ndalamazo sizinatayike, zangosanduka fodya, ndipo fodya ndi ndalama. Ndinawauza kuti akamusonyeze wapampando tsamba la fodya aone ngati alemba lisiti. Anati pakamwa panga padzandipha. Patapita masiku ochepa ndinapeza apachika kalendala pamwamba pa mapepala aja, ati khoma likuoneka loipa.

Disembala anatinyenga. Anthu anagula za Khirisimasi, chitini chinalemera, ndipo amuna anga ankandifunsa mwachipongwe kuti kodi aneneri anga akuti bwanji lero. Koma Januwale atalowa, nkhokwe zitayamba kulira, anthu anayamba kubwera mmene amabwerera nthawi imeneyo. Safika pakauntala mwachindunji. Amaima pakhonde, amafunsa za ana, amadandaula za mvula, amadikira ogula ena achoke. Kenako amatchula mchere ndi kasopo, n'kuonjeza kuti fodya wawo chaka chino wachita bwino, mukhoza kukamuona.

Malire a zokongoza anthu aja tinawafika Januwale asanathe. Koma malire ndi chinthu cholembedwa papepala, ndipo amene waima pakhondeyo ndi mlamu wako, kapena munthu amene anakumba manda a bambo ako. Panali bambo wina woyandikana nafe, munthu wofatsa, amene mkazi wake anadwala nyengo yonseyo. Ameneyo anatenga shuga, palafini, mafuta, mobwerezabwereza. Amuna anga ankalemba m'kope n'kumati zonsezi ndi ndalama zathu, zangogona kwa anthu. Kopelo linkanenepa, chitini chikuwonda.

Kumapeto kwa Febuluwale ndinakweza kalendala ija n'kuwerenga za m'chitini. Sindinayang'ane pepala lokonzedwa, popeza tinali titalisiya kalekale. Ndinayang'ana lofiira. Zoperewera zathu zinasiyana pang'ono chabe ndi zimene mtsikana uja analemba mu Okutobala, asanaone ngakhale mtambo umodzi wa mvula. Ndinachita mantha kuposa mmene ndikanachitira akanalakwitsa. Ngati walondola pa Febuluwale, ndiye kuti Meyi ndi Juni analinso m'njira, akubwera ndi mapazi awo.

Febuluwale tinamutseka pogulitsa mbuzi. Malichi tinamutseka posaoda katundu, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira kuti dzenje limabala linzake, chifukwa shelefu yopanda shuga siilowetsa ndalama mwezi wotsatira. Anthu a ndalama pamanja, aphunzitsi ndi a kuchipatala, anayamba kudutsa kupita ku okala ina. Epulo tinamutseka ndi wailesi komanso ndalama za fizi, mwana n'kukhala pakhomo milungu ingapo. Nthawi yonseyi chigafa chathu chinali chodzadza, fodya wofiirira bwino, wonunkhira mpaka kumsewu. Odutsa ankawayamikira amuna anga kuti chaka chino aphula.

Mlangizi uja anabwera pamsonkhano wa gulu mu Epulo. Ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse. Sanandikalipire. Anafunsa chimene tili nacho chimene chingasanduke ndalama Meyi asanathe. Mtedza unali utapsa ndi ng'amba ya mu Febuluwale, wotsalawo sukanakwana ngakhale theka la mwezi umodzi. Anati kusuntha masiku obwezera kukanatheka tisanasaine, pano mphamvu imeneyo alibe. Ndiye panatsala fodya yekha.

Nthawi imeneyo mavenda amayendayenda m'midzi ndi masikelo awo, kugula fodya pakhomo ndi ndalama pamanja. Mtengo wawo ndi wachipongwe, aliyense amadziwa, ndipo amagula mozemba. Koma ndinawerengetsera kuti titawagulitsa mabelo awiri, Meyi ndi Juni atsekeka. Ndinadikira amuna anga adye kaye. Ndinalankhula mofatsa, ine amene, mpaka ndinadzidabwa.

"Bambo, gulitsani awiri okha. Otsalawo apite ku okushoni. Tiluza, inde, koma ng'ombe zikhala."

"Fodya amene ndamuvutikira chaka chonse ndimupatse mwana wa sikelo yobera? Galimoto ikubwera sabata yamawa. Anthu a m'gulu ndi anzathu, sangatichite chipongwe chifukwa cha milungu iwiri."

Sanali kunama, ankakhulupiriradi. Ndipo ng'ombe zanga zomwezo ndi zimene zinakoka mabelo onse kupita nawo kudepoti, ine ndikuyang'ana. Galimoto sinabwere sabata imeneyo, kapena yotsatirayo. Amuna anga ankapalasa njinga kukaona, n'kubwera ndi nkhani yakuti mabelo ali bwinobwino pansi pa lona, nambala yathu yayandikira.

Mu Meyi gulu linatisonkhera. Ndinakhala pamsonkhanowo maso ali pansi, ndikumva makwacha akugwa m'mbale mmodzimmodzi, ochokera kwa anthu ogulitsa mandasi ndi tomato amene nawonso Meyi anali atawafinya. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi kope lija. Aliyense anandilandira bwino, kundipatsa mpando, ena kundipatsa maungu. Aliyense anati mabelo ake ali pamzere. Sindikanawakwiyira, popeza yankho lawo linali lomwelo limene ife tinkapereka kugulu.

Juni anafika ndi mphepo yake ya fumbi. M'okala munatsala machesi, singano ndi mabotolo opanda kanthu. Tsiku lobweza linadutsa. Mabelo anali atanyamulidwa tsopano, ati ali pamzere ku okushoni, ndipo amuna anga ankati ndi nkhani ya masiku. Koma bungwe linauza gulu kuti palibe amene alandire ngongole ina mpaka zathu zitakonzeka, ndipo anthu amene ankandipatsa moni kutchalitchi anayamba kuyang'ana kumbali. Ng'ombe zinali zikututa chimanga cha anthu masiku amenewo. Madzulo ndikazitsekera m'khola ndinkaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo imafunira.

Anabwera m'mawa, wapampando ndi amuna awiri a m'gulu, pamodzi ndi wogula ng'ombe wa kumsika. Mayiyo anakhala pamphasa, anafunsa za ana, ndipo misozi inali m'maso mwake pamene amanena chimene abwerera. Anati atenga imodzi yokha, yokwanira miyezi iwiri ija ndi wotsalawo, ndipo zapamwamba atibwezera. Ankaona ngati akundichitira chifundo. Koma ng'ombe imodzi siikoka ngolo, ndipo iye ankadziwa zimenezo monga ine. Wogulayo anazungulira khola, anatsina yofiira pamsana, n'kutchula mtengo wa munthu amene akudziwa kuti m'dera lonselo ndi iye yekha ali ndi ndalama mwezi umenewo. Amuna anga anali atapita kudimba kusanache. Chingwe ndinamanga ndine, chifukwa yofiirayo sinkalola mlendo. Yakuda inalira tsiku lonse, ndi tsiku lotsatira.

Ndalama za fodya zinafika mu Julayi, monga mmene zinalembedwera. Zinafika kwa onse nthawi imodzi. Anthu anayamba kubwera ku okala atavala zatsopano, akuseka, akufunsa kuti ngongole yawo ndi zingati, ena osadikira n'komwe chenji. Pafupifupi onse anabweza. Chitini sichinakwane, tinachita kuthira zina m'poto. Amuna anga atawerengetsera anapeza kuti okala yapanga phindu loposa chaka china chilichonse, ndipo ananena zimenezi ndi mawu otsika, osandiyang'ana.

M'mawa mwake anatenga ndalama osandiuza, n'kupalasa kupita ku Wimbe kukafuna wogula uja, okonzeka kulipira kawiri mtengo umene anagulira. Anabwera masana akukankha njinga. Anati munthuyo anaisunga ng'ombeyo milungu yonseyi, kudikira kuti alimi alandire ndalama, popeza nyama imayenda malonda anthu akalemera. Anaipha m'mawa womwewo, tsiku la msika. Atanena zimenezi analowa m'nyumba n'kugona chafufumimba, nsapato zili kumapazi.

Dzuwa litapendeka kunabwera bambo woyandikana nafe uja, wa mkazi wodwala. Anali womaliza mwa a ngongole zazikulu. Anawerenga ndalama zake zonse pakauntala, ndipo ananena mawu ambiri othokoza, kuti pakanapanda ife banja lake silikanaona mwezi wa Malichi. Kenako anamasula kajumbo kamene kanali pahandulo ya njinga yake n'kundipatsa. Anati wachokera kumsika ku Wimbe, ndipo sakanatha kugulira ana ake okha osakumbukira anthu amene anamusunga. Inali nyama ya ng'ombe, yabwino, ya mafuta achikasu.

Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndinaiphika, chifukwa ana anali ataiona kale ndipo anali asanalawe nyama chiyambire Khirisimasi. Anadya mosangalala, akulimbirana mafupa. Ine ndinati m'mimba simuli bwino, n'kutuluka kukaipatsa madzi yakuda ija.